Buku la ndalama likasiyana ndi sitetimenti ya kubanki, msungichuma ayambire pati?

*Zikomo akatswiri. Ine ndine msungichuma wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza kuno ku Mchinji. Pa 30 Juni buku langa la ndalama likuonetsa kuti kubanki tili ndi K2,418,500, koma sitetimenti yomwe ndakatenga ikuti K2,725,300. Ndawonkhetsa kambirimbiri koma sizikugwirizana. A komiti ena akuti ndalama zapamwambazo tigawane, ena ayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Ndatumiza zithunzi za masamba a Meyi ndi Juni, a buku ndi a sitetimenti omwe. Cholakwika chili pati?*

*Mayi wa ku Mchinji*

Mayi, mtima m'malo. Masamba mwatumizawa ndawayang'ana mzere ndi mzere, ndipo sindikuonapo chosonyeza kuti wina waba. Komanso a komiti muwauze msanga kuti palibe zapamwamba zoti n'kugawana. Ndalama zomwe kopaletivi ingadalire kuti ndi zake pa 30 Juni ndi K2,581,800. Chiwerengero chimenechi sichili m'buku mwanu, sichilinso pa sitetimenti, ndipo ntchito yonse yoyanjanitsa mabuku awiriwa, imene owerengera ndalama amati rikonsiliyeshoni, ndi yochipeza ndi kuonetsa m'mene chapezekera.

Kuwonkhetsa mobwereza sikukanakuthandizani chifukwa masamu anu ali bwino. K306,800 imene ikusiyanitsa ziwerengero ziwirizi si ndalama imodzi yomwe yabisala penapake. Ndi chotsalira cha zinthu 9 zosiyana, zina zokweza, zina zotsitsa, zimene zikakumana zikusiya K306,800. Mukamaifunafuna ngati chinthu chimodzi, simudzaipeza.

Akaunti ndi imodzi, koma oilemba ndinu awiri, ndipo simulemba tsiku limodzi. Inu mumalemba kuti ndalama zatuluka tsiku limene mwasaina cheke ndi kuchipereka kwa mwini wake. Banki imalemba tsiku limene cheke chafika kwa iyo ndi kulipiridwa, mwina patapita sabata, mwina miyezi iwiri. Zili ngati anthu awiri owerenga matumba a soya, wina ali kumunda pomwe ngolo ikunyamuka, wina ali pakhomo la nkhokwe pomwe ikutsitsa. Dzuwa likalowa ngolo ina ili m'njira, makope awo sangafanane, chikhalirecho palibe wanama. Kuwonjezera apo, pali zinthu zomwe banki imalemba yokha inu muli kunyumba: imadula ndalama zake zoyendetsera akaunti, imalandira ndalama zomwe wogula watumiza pafoni, imabweza cheke chopanda ndalama. Zimenezi simungazidziwe mpaka sitetimenti itafika m'manja mwanu.

Choncho zosiyana zonse zimagwa m'magulu awiri, ndipo kuwasiyanitsa ndiye mutu wa nkhani. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene banki ikudziwa koma buku lanu silikudziwa, pamodzi ndi zimene munalemba molakwika. Zimenezi mumazikonza m'buku mwanu. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene munalemba bwino koma banki sinazionebe. Zimenezi simuzikhudza m'buku, mumangozilemba papepala lina ndi kudikira kuti zifike.

Musanagwire cholembera, pali kanthu kamene kamasokoneza ambiri. M'buku mwanu ndalama zolowa zili kumanzere, zotuluka kumanja. Pa sitetimenti ndalama zolowa zili pansi pa Cr, zotuluka pansi pa Dr, ndiye kuti zikuoneka ngati zatembenuzidwa. Banki imalemba moona mbali yake: ndalama zomwe mwaisungitsa ndi ngongole yomwe ili nayo kwa inu. Mukaona Cr pambali pa balansi, ndalama zilipo. Mukaona Dr pamenepo, ndinu amene muli ndi ngongole kubanki.

Ntchito imayambira pa mwezi wapita, osati pa mwezi uno. Pa 31 Meyi buku lanu linatseka ndi K1,160,000 pomwe sitetimenti inatseka ndi K1,205,000. Kusiyana kwake ndi K45,000, ndipo m'masamba a Meyi muli cheke nambala 000398 cha K45,000 chomwe munalemba pa 20 Meyi koma sichinatuluke kubanki mwezi umenewo. Ndiye kuti Meyi anatseka bwino, chotsala chinali cheke chimodzi chokhachi. Ndinachifunafuna pa sitetimenti ya Juni, palibe. Chikadali panja. Mukanayamba ndi tsamba la Juni lokha, K45,000 imeneyi ikanakuzunguzani mutu mpaka kalekale, chifukwa m'masamba a Juni a buku lanu mulibe pomwe ikutchulidwa.

Kenako ndi kuchonga. Ikani buku kumanzere, sitetimenti kumanja, mutenge pensulo ndi lula. Yambani ndi zolowa. Tengani mzere woyamba wa pa sitetimenti, muufunefune m'buku, ndipo mukaupeza muchonge mbali zonse ziwiri. Mukamaliza zolowa, chitani chimodzimodzi ndi zotuluka, koma uku muzitsata nambala ya cheke, osati kuchuluka kwa ndalama kokha. Ndaona kuti mu Juni muli malipiro angapo a K60,000 a aganyu onyamula katundu. Mukangotsata ndalama, mudzachonga cheke china m'malo mwa chinzake. Werengani nambala iliyonse yathunthu mpaka kumapeto, pakuti diso lotopa likaona 1, 4 ndi 5 limakhutira, osasamala kuti zatsatana bwanji. Zonse zochongedwa mbali ziwiri zatha, musazibwererenso. Zotsala zosachonga ndiye nkhani yathu.

Pa sitetimenti patsala mizere isanu yosachonga imene m'buku mulibe, ndi umodzi womwe ulimo koma ndalama zake zikusiyana.

Waukulu ndi K385,000 yomwe inalowa pa 24 Juni kuchokera ku akaunti ya munthu wina. Dzina lomwe lili pamzerewu likufanana ndi la wogula amene m'buku mwanu anaperekapo ndalama za soya mu Meyi, choncho ndikuganiza kuti analipira katundu wina osakuuzani. Izi zachuluka masiku ano pomwe anthu amatumiza ndalama ali pomwe ali kudzera pafoni. Komabe musangoilemba chifukwa ndatero ine. Muimbireni, akutumizireni umboni wa kutumizako, mufananitse ndi kalata yomwe anatengera katundu, ndiye mumulembere lisiti. Ndalama yolowa yosadziwika mwini wake ndi yoopsa kuposa yotuluka, chifukwa imakoma kuilandira. Zimachitika kuti wotumiza waphonya nambala imodzi ya akaunti, ndalama n'kugwera kwa inu, ndipo tsiku limene banki idzaibweze kwa mwini wake inu mudzakhala mutagulira kale matumba. Ngati mwini sakudziwika, musailembe ngati malonda. Funsani kubanki kuti yachokera kuti.

Wachiwiri ndi K120,000 yomwe banki inadula yokha pa 25 Juni kubweza ngongole ya makina osendera mtedza. Mu Meyi munailemba, mu Juni munaiwala, ndipo sizodabwitsa chifukwa ndi nthawi ya msika komanso ndalama yotere ilibe cheke kapena lisiti loti likukumbutseni. Ndalama iliyonse yomwe munalamula banki kuti izidula mwezi ndi mwezi muziilemba m'buku pa tsiku lake osadikira sitetimenti. Mukamailemba, funsani kubanki pepala losonyeza kuti pa K120,000 imeneyi ingati ikuchepetsa ngongole ndipo ingati ndi chiwongoladzanja. Pa kuyanjanitsa sizisintha kanthu, koma pokonza malipoti a chaka zidzafunika.

Mizere iwiri ndi ya ndalama zomwe banki yadzilipira: K9,500 yosungira akaunti ndi K5,200 ya zotumiza ndi zina zing'onozing'ono, zonse pamodzi K14,700. Apa palibe chovuta. Ingoonani ngati zikugwirizana ndi mitengo yomwe banki yanu inalengeza, kenako muzilembe.

Wachisanu ndiye wofunika kuumvetsa. Pa 11 Juni munalandira cheke cha K96,000 kwa wogula mtedza, munachilemba ku zolowa, ndipo pa 12 Juni chikuoneka pa sitetimenti pansi pa Cr. Mizere iwiriyi ikuchongana bwinobwino, moti munthu wofulumira angaganize kuti nkhani yatha. Koma pa 16 Juni K96,000 yomweyo ikuonekanso pansi pa Dr. Cheke chinabwezedwa. Chifukwa chake chingakhale kuti mu akaunti ya wogulayo munalibe ndalama zokwanira, kapena siginecha yasiyana, kapena mawu ndi manambala a pa chekecho sakugwirizana; banki ikuuzani. M'buku musafufute mzere wa pa 11 Juni, chifukwa cheke munalandiradi tsiku limenelo. Lembani mzere watsopano ku zotuluka wonena kuti cheke cha uje chabwezedwa, K96,000. Zotsatira zake ndi zoti wogula uja ali nanunso ngongole, ndipo mtedza anatenga kale. Masabata apita chibwezereni chekecho, inu osadziwa. Pa zonse zomwe ndapeza m'masambawa, iyi ndi imene ndikanaithamangira mawa lomwe.

Wotsiriza ndi cheke nambala 000409 chogulira matumba. M'buku munalemba K154,000, banki inalipira K145,000. Manambala ndi omwewo, 4 ndi 5 angosinthana malo. Wolondola ndani? Tengani kachidutswa kotsala m'buku la macheke ndi invoisi ya wogulitsa matumba. Banki imalipira zomwe zalembedwa pa cheke, choncho kawirikawiri wolakwa amakhala wokopera m'buku, ndipo ine ndawerengera motero: munachotsa K9,000 yopitirira, iyenera kubwerera. Koma invoisi ikanena K154,000 pomwe cheke chinalembedwa K145,000, buku mulikonzabe kuti lifanane ndi zomwe zinatuluka, kungoti mudziwe kuti wogulitsa matumba akukudikirani ndi K9,000 yake. Pokonza musapake utoto wofufutira kapena kulemba pamwamba pa nambala yakale. Lembani mzere watsopano ku zolowa, wa K9,000, ndi mawu oti mukukonza cheke 000409. Wodzafufuza mabuku akapeza zofufutafufuta amayamba kukayika tsamba lonse.

Tsopano buku likonzedwe. Pansi pa balansi yanu ya pa 30 Juni muwonjezere motere:

Balansi ya m'buku isanakonzedwe: K2,418,500
Kuwonjezera ndalama zomwe wogula soya anatumiza: K385,000
Kuwonjezera kukonza cheke 000409: K9,000
Zakwana: K2,812,500
Kuchotsa kubweza ngongole ya makina: K120,000
Kuchotsa cheke chobwezedwa: K96,000
Kuchotsa zomwe banki yadzilipira: K14,700
Balansi ya m'buku yokonzedwa: K2,581,800

Zochotsa zitatuzo pamodzi ndi K230,700. Chiwerengero chomalizachi ndi chimene mutsegulire nacho Julayi, ndipo ndi chimene chimalowa m'lipoti la zachuma. Sichikufananabe ndi sitetimenti, ndipo sichiyenera kufanana, chifukwa gulu lachiwiri lija sitinalikhudze.

M'buku mwanu mwatsala mizere yosachonga. Ku zotuluka kuli cheke 000412 cha K230,000 cha mwini lole yemwe ananyamula soya, cholembedwa pa 27 Juni, ndi cheke 000415 cha K78,500 cha wokonza sikelo, cha pa 29 Juni. Tikawonjezapo 000398 cha K45,000 chochokera mu Meyi, macheke omwe ali panja akukwana K353,500. Ndalama imeneyi ikuonekadi mu akaunti, ndipo ndi imene ikupangitsa sitetimenti kuoneka yonenepa. Koma ili ndi eni ake, ndipo aliyense wa iwo akhoza kulowa m'banki m'mawa uliwonse. A komiti atagawana zomwe akuti zapamwambazo, adzakhala atadya ndalama za mwini lole.

Ku zolowa kwatsala mzere umodzi, K210,000 ya malonda a mtedza yomwe munalemba pa 30 Juni kuti yapita kubanki, koma pa sitetimenti palibe. Imeneyi ikukokera mbali ina: ndi yanu, koma banki sinaiwerengere.

Pepala loyanjanitsa limayambira pa chiwerengero cha banki n'kumatsika mpaka kukumana ndi buku lokonzedwa:

Balansi ya pa sitetimenti, 30 Juni: K2,725,300
Kuwonjezera ndalama zoikidwa zomwe sizinaonekebe: K210,000
Zakwana: K2,935,300
Kuchotsa cheke 000398 cha pa 20 Meyi: K45,000
Kuchotsa cheke 000412 cha pa 27 Juni: K230,000
Kuchotsa cheke 000415 cha pa 29 Juni: K78,500
Zotsala: K2,581,800

Zakumana. Ena amayambira ku buku n'kukathera ku sitetimenti, zomwe zimangotembenuza kuwonjezera ndi kuchotsa. Njira zonse ndi zolondola, koma sankhani imodzi muziitsata mwezi uliwonse. Ine ndimakonda yoyambira ku sitetimenti chifukwa imathera pa chiwerengero chimene komiti ikufuna kumva. Onaninso kuti cheke chilichonse ndachilemba pachokha ndi nambala ndi tsiku lake. Mukangolemba kuti macheke a panja K353,500, mwezi wamawa simudzadziwa kuti chatuluka ndi chiti.

Kukumana kwa manambala sikutanthauza kuti ntchito yatha. Mizere inayi ya papepalali ndi malonjezo oti zinthu zina zichitika mu Julayi, ndipo muyenera kuona ngati zachitikadi.

Ndiyambe ndi K210,000 ija, chifukwa ndi mtundu wa mzere umene wofufuza mabuku aliyense amaimapo. Ndalama zamanja mukaziika pakauntala ya banki zimaoneka mu akaunti tsiku lomwelo. Ngati sizinaoneke pa 30 Juni, mwina munalemba m'buku madzulo koma zinapita kubanki m'mawa mwake, mwina chinali cheke cha banki ina, mwina zinadzera kwa ejenti kapena pafoni n'kuchedwa m'njira. Zonsezi zimamveka, bola silipi yoikira ndalama ikhale ndi chidindo cha banki ndipo ndalamayo ioneke m'masiku oyambirira a Julayi. Ikafika pakati pa mwezi isanaoneke, si nkhani ya kuchedwanso. Pali kabedwe kodziwika bwino kamene kamabisala pamzere womwewu: wotumidwa kubanki amasunga ndalama za lero, n'kudzazikwirira ndi za mawa, za mawa n'kuzikwirira ndi za mkuja, moti mwezi uliwonse pamakhala ndalama zomwe akuti zili m'njira. Chizindikiro chake ndi masiku a m'buku ndi a pa sitetimenti omwe akumka natalikirana, ndi ndalama za m'njira zomwe zikukula mwezi ndi mwezi. M'masamba anu sindinaone zotere. Zoikidwa zina zonse za Juni zinaoneka tsiku lomwelo kapena lotsatira. Koma silipi ya K210,000 muipeze ndi kuiphatikiza ku pepala loyanjanitsa, kuti aja akukuyang'anani ndi diso lina aione ndi maso awo.

Macheke a pa 27 ndi 29 Juni sakudetsa nkhawa, ndi atsopano. Cha pa 20 Meyi ndiye chikufunika kufunsa. Munthu wamba sasunga cheke cha K45,000 masabata asanu ndi limodzi popanda chifukwa. Mwina chinatayika, mwina alibe akaunti ndipo akusowa pochisinthira, mwinanso chikadali m'kabati ya mu ofesi mwanu osaperekedwa. Choopsa kwambiri ndi chakuti mwina anadandaula, wina n'kumulipira ndalama zamanja, cheke n'kutsala m'manja mwake; tsiku lina adzachipititsa kubanki ndipo adzakhala walipidwa kawiri. Ngati chinatayika, lemberani banki kuti isadzachilipire, muchibwezere m'buku ku zolowa, ndiye mulembe china. Cheke chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi banki sichilandiranso, choncho ichi chikadzafika pa 20 Novembala chili panja, mudzachichotse papepala loyanjanitsa ndi kubwezera K45,000 m'buku. Ndalamayo sikhala phindu ayi. Mwini wake akadali kukudikirani, ndiye ilembedwe ngati ngongole yomwe kopaletivi ili nayo kwa iye.

Kwa anzathu osunga ndalama za magulu ndi mipingo ku Joni, kumene mabanki analeka kulandira macheke kumapeto kwa 2020, mndandanda wa macheke a panja kulibe, ndipo kuno kwathu nakonso ukufupika pomwe anthu akuzolowera kutumiza pafoni. Izi sizichepetsa ntchito, zimangoisamutsa. Gulu lachiwiri limachepa, loyamba n'kukula, chifukwa ndalama zolowa mosadziwitsa ndi timalipiro ta kutumiza kulikonse timachuluka.

Banki nayo imalakwitsa, ngakhale si kawirikawiri. Ikhoza kudula ndalama yake kawiri, kapena kuika mu akaunti yanu cheke cha gulu lina la dzina lofanana. Cholakwa cha banki sichilowa m'buku mwanu. Mukachilowetsa, ndiye kuti mwavomera kuti ndalamayo inatulukadi moyenera, ndipo banki ikadzabweza mudzasokonezekanso. Chilembeni papepala loyanjanitsa ngati mzere wapadera, mulembere banki kalata yosainidwa ndi osainira akaunti, musunge kope lake, ndipo mzerewo uzionekabe mwezi uliwonse mpaka atakonza. Musachedwe nazo, pakuti mabanki ambiri amaika nthawi yoti kasitomala adandaule za sitetimenti.

Mwezi wina mudzachita zonsezi koma manambala osakumana. Musayambirenso kuchonga nthawi yomweyo. Yambani mwaifunsa ndalama yotsalayo. Ifunefuneni monga ilili mbali zonse ziwiri, mwina ndi mzere umodzi womwe mwaudumpha. Ikasowa, igaweni pakati. Chinthu chikalembedwa mbali yolakwika, kusiyana kumakhala kowirikiza: mukanalemba cheke chobwezedwa chija ku zolowa m'malo mwa zotuluka, mukanatsala ndi K192,000 yosadziwika, ndipo theka lake, K96,000, likanakulozerani pomwe pali vuto. Ikakanabe, igaweni ndi 9. Manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kwake nthawi zonse kumagawika ndi 9 popanda chotsala, monga K9,000 ya matumba ija, kapena K27,000 ya pakati pa K63,000 ndi K36,000. Chimodzimodzinso ziro akawonjezeka kapena kusowa: K50,000 yolembedwa ngati K5,000 imasiya K45,000, yomwenso imagawika ndi 9. Kugawikako si umboni wotheratu, kumangokuuzani koyambira. Zonsezi zikalephera, onani ngati balansi yomwe munatsekera tsamba lina ndi yomweyo munatsegulira lotsatira, ndiponso ngati masamba a sitetimenti ali onse ndipo akuyambira pa 1 mpaka tsiku lomaliza la mwezi. Sitetimenti yosindikizidwa pa 28 singayanjane ndi buku lotsekedwa pa 30.

Chimene musadzachite ndi kulemba mzere wongopeka woti zina ndi zina kuti manambala akumane. Ngakhale kusiyana kutakhala K500, kukhoza kukhala chotsalira cha zolakwika ziwiri zazikulu zomwe zatsala pang'ono kufafanizana, monga momwe K306,800 yanu inabisira cheke chobwezedwa. Ngati mwasakasaka osapeza, lembani poyera papepala kuti K500 sinadziwike, muuze apampando, ndipo mupitirize kuifufuza.

Ndaonanso kuti m'danga la banki la buku lanu la Meyi munalowa ndalama za umembala zomwe ena analipira pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Zinayenda bwino chifukwa munazisamutsira kubanki tsiku lomwelo ndipo zinafika zathunthu, koma ndi mwayi chabe. Ndalama ya pafoni si ya kubanki mpaka itasamutsidwa. Tsegulani danga lake m'buku, nambala iliyonse ya foni ndi danga lake, ndipo muziliyanjanitsa ndi sitetimenti ya kampani ya foniyo monga tachitiramu. Posamutsa, lembani kutuluka ku danga la foni ndi kulowa ku danga la banki, ndipo ndalama yomwe adula posamutsa ikhale pamzere wakewake. Mukapanda kutero, mwezi uliwonse mudzatsala ndi timakwacha tosadziwika kochokera. Nambala ya foniyo ikhale ya kopaletivi, isakhale yanu yomwe mumagulirapo mayunitsi a magetsi.

Ku msonkhano wa komiti mupite ndi zinthu zinayi zomangidwa pamodzi: sitetimenti yeniyeni yochokera kubanki, tsamba la buku lokonzedwa, pepala loyanjanitsa, ndi maumboni a mzere uliwonse, monga silipi ya K210,000, uthenga wa wogula soya ndi invoisi ya matumba. Inu musaine ngati wokonza ndi kulemba tsiku. Wina amene sagwira ndalama komanso salemba buku, kaya apampando kaya wa komiti yoyang'anira, aone yekha kuti K2,725,300 ilidi pa sitetimenti ndi kuti K2,581,800 ilidi m'buku, ndiye asaine ngati woona. Zingakhale bwinonso kuti iyeyo azilandira kope lake la sitetimenti kuchokera kubanki mwachindunji, osadzera m'manja mwanu. Zimenezi zimateteza inu kuposa wina aliyense. Mu nyengo ya msika, pomwe ndalama zikulowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku, musadikire kutha kwa mwezi. Muzichonga Lachisanu lililonse, kuti cheke chikabwezedwa mudziwe wogulayo asanabwere kudzatenga katundu wina.